Kujambula Pulani ya Nyumba mu AutoCAD Kuti Ituluke Bwino pa Pepala

Pulani ya pansi imaonetsa nyumba ngati yadulidwa chopingasa pafupifupi mamita 1.2 kuchokera pansi, munthu n'kumaiyang'ana ali pamwamba. Pamsinkhu umenewu mazenera ndi zitseko zimaoneka. Mu AutoCAD, pulogalamu ya kampani ya Autodesk yomwe inatuluka mu 1982, nyumbayo imajambulidwa pa kukula kwake kwenikweni, ndipo imachepetsedwa pokhapokha pokonza pepala losindikiza.

Ntchito imayambira mu gawo la Model. Wojambula amalemba `UNITS` n'kusankha mamilimita. Ngati nyumba ndi yamamita 12 m'litali ndi 9 m'lifupi, amalemba 12000 ndi 9000, osagawa ndi nambala iliyonse. Khoma lakunja la njerwa, lochindikala mamilimita 230, limapangidwa ndi `OFFSET`: mzere wakunja umakopedwa n'kulowetsedwa mkati ndi 230. Makoma ogawa zipinda amatha kukhala a 115. Malo a zitseko ndi mazenera amatsegulidwa ndi `TRIM`.

Mzere woyamba usanajambulidwe, maleya ayenera kukhala atakonzedwa kale ndi lamulo la `LAYER`. Leya ili ngati pepala loonekera mkati losanjikizidwa pa linzake: makoma pa lawo, zitseko pa lawo, miyeso pa lake. Katswiri wa zamagetsi akafuna makoma okha, wojambula amangozimitsa maleya a mipando ndi miyeso. Leya iliyonse imapatsidwa mtundu, maonekedwe a mzere ndi kunenepa kwake. Makoma, poti ndiwo adulidwa, amayenera kuda kwambiri, pa mamilimita 0.50. Zitseko ndi mazenera zimakhala pa 0.25, pomwe miyeso ndi mipando imakwana pa 0.18. Pulani yomwe mizere yake yonse ndi yofanana imavutitsa mmisiri, chifukwa khoma silisiyana ndi m'mphepete mwa tebulo. Chinthu chilichonse chojambulidwa chisiyidwe pa `ByLayer` kuti chitengere leya yake. Kusintha mizere umodziumodzi kumaoneka kofulumira, koma kumabweretsa ntchito yaikulu tsiku lomwe pulani yonse ifunika kukonzedwa.

Maonekedwe a mzere nawonso ali ndi tanthauzo. `Continuous`, mzere wosadukiza, ndi wa zinthu zooneka. Mzere wodukizadukiza, monga `HIDDEN`, umasonyeza zobisika kapena zomwe zili pamwamba pa podulidwa paja, monga m'mphepete mwa denga lotulukira kunja kwa khoma. `CENTER` ndi wa mizere yapakati. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: amasankha `HIDDEN` koma mzerewo n'kuonekabe wosadukiza. Chifukwa chake n'chakuti mu fayilo ya `acadiso.lin` kachidutswa kalikonse ka mzerewu ndi kamamilimita 6.35 okha, ndipo pa denga la mamilimita 12000 timipata take sitingaoneke. Vutoli limatha ndi izi:

```
LTSCALE 1
MSLTSCALE 1
PSLTSCALE 1
REGENALL
```

Zikatero, tizidutswa timatsata sikelo yosankhidwa pakona yakumunsi mu Model, komanso timatuluka tofanana kukula pa pepala. Tikatalika kwambiri, `LTSCALE` itsitsidwe kufika pa 0.5.

Pepala limakonzedwa mu Layout. Pa pepala la A3, lomwe ndi mamilimita 420 ndi 297, wojambula amatsegula zenera loonera nyumbayo ndi `MVIEW`. Akalowa m'zeneralo amalemba `ZOOM` kenako `1/50XP`, kapena kusankha 1:50 pamndandanda. Nyumba ija imatenga mamilimita 240 ndi 180, malo otsala n'kukwanira miyeso ndi bokosi la dzina la pulani. Pa 1:100 ingakhale 120 ndi 90, yaing'ono moti miyeso ya bafa imathithikana. Sikelo ikakhazikika, zeneralo likhomedwe ndi `Display locked`, chifukwa kungogudubuza kagudumu ka mausi mwangozi kumaisintha popanda chenjezo. Malire a zeneralo aikidwe pa leya yosasindikizidwa.

Zolemba zimawerengedwa kuchokera ku pepala. Chilembo cha mamilimita 2.5 pa pepala chimafuna 125 mu Model pa sikelo ya 1:50, ndi 250 pa 1:100. Masitayilo a `Annotative` amachita okha masamuwa.

Posindikiza ndi `PLOT`, sikelo ikhale 1:1 popeza kuchepetsa kwachitika kale m'zenera, ndipo `Fit to paper` isachongedwe. Fayilo ya `monochrome.ctb` imadetsa mizere yonse, kuti yachikasu isazimirire pa pepala loyera. Pulani ikapita kosindikiza ili PDF, wosindikizayo auzidwe kusankha `Actual size`. Pepala likatuluka, rula iikidwe pa khoma la mamita 12 lija. Ikawerenga mamilimita 240, sikelo ili bwino. Ikawerenga 232 kapena nambala ina, pepalalo lafinyidwa penapake ndipo liyenera kusindikizidwanso lisanafike m'manja mwa mmisiri.