Tsamba lotseguka ngakhale netiweki itavuta

Netiweki ikasoweratu, foni imanena msanga kuti palibe intaneti, ndipo munthu amaibweza m'thumba. Chotopetsa ndi pamene timizere ta netiweki tikuoneka koma palibe chikuyenda: tsamba lili mbuu, kachizindikiro kakungozungulira, mphindi n'kumatha. Wopanga tsamba la pa intaneti aziganizira kwambiri nthawi yachiwiriyi.

Tiyerekeze tsamba loonetsa mitengo ya chimanga, soya ndi mtedza m'misika. Mlimi akalitsegula, bulawuza yake imapempha ku seva mafayilo a maonekedwe, pulogalamu yoyendetsa tsambalo, kenako mitengo. Sevisi weka ndi kapulogalamu ka JavaScript, kawirikawiri kotchedwa `sw.js`, komwe kamakhala pakati pa tsamba ndi netiweki. Pempho lililonse limadutsa kwa iko, ndipo kamasankha kulitumiza ku seva kapena kuliyankha ndi zomwe kanasunga kale m'foni. Chrome inayamba kukalola mu 2015, Safari mu 2018. Kamafuna tsamba la `https`, chifukwa kapulogalamu kotha kusintha yankho lililonse n'koopsa kakagwa m'manja mwa akuba.

Ulendo woyamba umafuna netiweki, palibe kuchitira mwina. Pamenepo sevisi weka amadzikhazikitsa n'kututira mafayilo ofunika m'nkhokwe yake:

```js
self.addEventListener('install', e => {
  e.waitUntil(caches.open('msika-v1').then(c =>
    c.addAll(['/', '/style.css', '/app.js'])));
});
```

Apa pali msampha. `addAll` amatenga zonse kapena kusiya zonse: fayilo imodzi ikakanika, kaya chifukwa cha dzina lolakwika, kukhazikitsa konse kwalephera, pomwe tsamba likuoneka bwinobwino pa netiweki yabwino ya mu ofesi. N'chifukwa chake mndandandawu uzikhala waufupi. Zithunzi zikuluzikulu zisalowemo. Kumbukirani kuti bandulo yomwe ikudyekayo ndi ya mlimi.

Funso lenileni la ntchitoyi ndi lakuti: n'chiyani chingaperekedwe chakale osavulaza munthu? Maonekedwe a tsamba sasinthasintha, choncho sevisi weka aziwatenga m'nkhokwe osafunsa n'komwe ku seva. Tsamba limatseguka pompo. Mitengo ndi nkhani ina. Wogulitsa soya pamtengo wa sabata yatha akhoza kuluza, ndiye pa mitengo timayamba tafunsa ku seva, nkhokwe n'kukhala pothawira.

Koma ambiri amalekera pomwepo, ndipo netiweki yofooka ija imawagwira. Pempho la `fetch` silimalephera msanga ngati foni ikuganiza kuti yalumikizidwa. Limangodikira, ndipo nkhokwe yodzaza imakhala chabe. Mankhwala ake ndi kuika malire. Tinene masekondi 3: seva ikayankha nthawiyo isanathe, mlimi aona mitengo yatsopano ndipo kope lake lisungidwa, ikachedwa, aona ya m'nkhokwe, pempho lija n'kumapitirira kumbuyo. Ndipo pamwamba pa mitengoyo palembedwe poonekera kuti "Mitengo ya Lachiwiri, 9 koloko m'mawa". Kwa ine, tsamba loonetsa zakale osanena kuti n'zakale n'loipa kuposa losatseguka.

Vuto lina limabwera pokonzanso tsamba. Mwasintha `style.css`, koma anthu akuonabe zakale. Bulawuza imayerekeza `sw.js` yatsopano ndi yakale, ndipo ngati sizikusiyana ngakhale pang'ono, sikhazikitsanso kanthu. Choncho sinthani dzina la nkhokwe kukhala `msika-v2`, ndipo pa `activate` mufufute yakale. Ngakhale mutatero, sevisi weka watsopano amadikira kaye mpaka masamba onse otsegula a wakaleyo atatsekedwa. Kungotsitsimutsa tsamba sikukwanira. Lamulo la `skipWaiting()` limathetsa kudikirako, koma likhoza kusakaniza tsamba lakale ndi mafayilo atsopano, ndiye ndi bwino kumuonetsa munthu batani loti adine yekha akafuna zatsopano.

Kuyesa n'kosavuta. Mu Chrome tsegulani `DevTools`, pitani pa `Application`, muone ngati pa `Service workers` pali wina yemwe akudikira. Chongani `Offline` n'kutsegulanso tsamba. Kenako chotsani chongacho, mupite pa `Network` mukachepetse liwiro, muone ngati malire a masekondi 3 aja akugwira.

Nkhokweyi imasunga zowerenga, osati zotumiza: pempho la `POST`, monga oda ya mbewu, silingaikidwemo. Oda yotere isungidwe mu `IndexedDB` n'kutumizidwa netiweki ikabwera, ndipo munthu auzidwe momveka kuti sinapite. Komanso zosungidwazo si zamuyaya. Foni ikadzaza, bulawuza ikhoza kuzifufuta, ndipo Safari imazichotsa ngati munthu waigwiritsa ntchito masiku 7 osakhudza tsambalo. Opera Mini ikakhala pa njira yake yopulumutsa data kwambiri, yomwe tsamba limakonzedwera ku seva zake, sevisi weka sagwira n'komwe, choncho mitengo izitha kuonekabe popanda iye.