Msonkhano Watha, Ndani Achite Chiyani?

Komiti ya sukulu ikakambirana maola 2 za denga lodontha la kalasi ya Sitandade 3, anthu amabalalika ali ogwirizana. Koma pakatha milungu itatu malata amapezeka asanagulidwe, chifukwa aliyense ankaganiza kuti apita kusitolo ndi mnzake. Mankhwala a vutoli ndi imelo yaifupi imene mlembi amatumiza kwa onse tsiku lomwelo, nkhani zisanazizire m'mitu.

Imeloyi siyofanana ndi maminitsi. Sifotokoza amene analankhula kapena amene anatsutsa, imangotola zimene zagwirizanidwa. Pamutu pake pamalembedwa dzina la msonkhano ndi tsiku lake, kuti isavute kuipeza m'foni. M'kati mwake mfundo iliyonse imakhala ndi nambala, ndipo imayankha mafunso atatu: chichitike n'chiyani, achite ndani, pofika liti.

Mlembi wosazolowera amalemba kuti, "Denga likonzedwe msanga." Wodziwa amalemba kuti, "1. Msungichuma abweretse mitengo ya malata 30 kuchokera m'masitolo atatu pofika Lachisanu pa 14." Ntchito ikapatsidwa kwa "komiti yonse" kapena kwa anthu awiri, imakhala yopanda mwini, ndipo mawu oti "posachedwa" sapezeka pa kalendala.

Zimene sizinathe kukambidwa zimalembedwa pazokha kumunsi, kuopa kuti wina angazitenge ngati chigamulo. Kenako mlembi amapempha kuti woona cholakwika ayankhe pofika mawa madzulo. Pamsonkhano wotsatira wapampando amayamba ndi kuwerenga imeloyo, n'kufunsa mwini wa mfundo iliyonse pamene wafika.