Utsi wa kudzala suthera pa kalata

Komiti ya anthu okhala pafupi ndi dzala ikatopa ndi utsi, imalemba kalata yopempha khonsolo kuti iletse kutentha zinyalala. Ku Chifunde vuto limayambira pa envulopu penipeni, chifukwa kulibe khonsolo yosankhidwa ngati ya mumzinda wa Tete, Moatize kapena Ulongue. Lamulo la Mozambique la zinyalala za m'matauni, Decreto 94/2014, limapereka udindowu kwa makhonsolo, ndipo kumene kulibe khonsolo limausenzetsa boma la deralo. Choncho kalata iyenera kupita kwa mkulu wa boma la Chifunde ndi ku ofesi ya mapulani ndi zomangamanga, ofesi yomwe ilinso ndi misewu, milatho ndi mijigo pamutu.

Ngakhale itafika pamalo oyenera, mawu akuti "letsani kutentha" amayankhika mosavuta: ife sitinayatse. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Moto wa padzala umabwera ndi phulusa la m'mbaula lomwe latayidwa lisanazizire, kapena ndi anyamata amene akuwotcha matayala ndi mawaya kuti apeze chitsulo ndi kopa wogulitsa. Kale dzala la kuseri kwa nyumba linkalandira makoko, zitsononkho ndi masamba, ndipo likadzaza ankalikwirira n'kubzalapo nthochi. Lero m'misika ya m'mbali mwa msewu wochoka ku Tete kupita kuchipata cha Cassacatiza, zotayidwa zasintha: majumbo, mabotolo a pulasitiki, matewera a ana, mabatire. Chizolowezi chotentha n'chakale chomwe chija, koma zimene zikupsazo n'zatsopano. Pulasitiki ina ikamanyeka pamoto wozilala imatulutsa poizoni wotchedwa dayokisini, amene amakhalira m'phulusa ndi m'dothi, n'kukafika m'mazira a nkhuku zopalasa pamenepo.

Komiti iyenera kudziwa mtundu wa moto umene ikudandaula. Wa pamwamba umaoneka ndi malawi ndi utsi wakuda, ndipo umazimitsika tsiku lomwelo. Wa m'kati mwa mulu ndi wina. Zowola zikakanikizana zimatentha zokha ndi kutulutsa mpweya woyaka wa mithene, ndiye moto ukalowamo umanyeka mwakachetechete kwa milungu kapena miyezi. Umadziwika ndi utsi wotuwa wotuluka m'ming'alu m'mamawa, nthaka yotentha kuphazi, ndi malo amene akutitimira. Mvula ikagwa utsi umapitirirabe. Kuthirapo madzi a m'zidebe n'kungotaya mphamvu, ndipo kufukula mosasamala kumaulowetsera mpweya, ukatero umalilima. Chimene chimaupha ndi dothi lokwiririka bwino.

Apa ndi pamene kalata ingakhale ndi mano, ikapempha chinthu chowerengeka. Tiyerekeze malo a anthu 5,000, aliyense akutaya theka la kilogalamu patsiku. Amenewo ndi matani awiri ndi theka. Zinyalala zosatsindira zotere zingadzaze malo a mamita 5 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita imodzi kuya. Muyezo wodziwika wokwirira tsiku lililonse ndi dothi la masentimita 15, ndipo pamalo amenewa likhala ngati mawilibala 25. Anthu awiri okhala ndi mafosholo angathe ntchitoyi dzuwa lisanalowe, malinga ngati zinyalala zikutayidwa m'ngalande imodzi ndipo dothi lofukulidwamo launjikidwa pambali. Koma ikalekedwa kwa mwezi umodzi, ngongole ya dothi imafika mawilibala 750, zinyalala zamwazika ponseponse, ndipo pamenepo pafunika katapila ndi dizilo. Madzala ambiri amawonongeka motere, popanda tsiku limene wina angaloze kuti zinayambira apa. Ofesi yopanda ndalama imauona moto ngati wantchito waulere, chifukwa umaphwetsa mulu.

Kumene njirayi imathera kunaoneka ku Maputo. Dzala la Hulene linakula kwa zaka makumi angapo, nyumba zikuliyandikira, malonjezo olitseka akubwerezedwa. Usiku wa pa 19 Febuluwale 2018, mvula yamphamvu itagwa, mulu wotalika pafupifupi mamita 15 unagumukira nyumba n'kupha anthu oposa 15. Pambuyo pa maliro m'pamene ntchito yosalaza mapiri a zinyalala ndi kuika mapaipi otulutsa mpweya inagwiridwa, mothandizidwa ndi dziko la Japan. Ku Lilongwe nako, anthu oyandikana ndi mtaya wa ku Area 38 akhala akudandaula za utsi ndi ntchentche kwa zaka zambiri.

Chifunde ili kutali ndi milu yotere, ndipo mawilibala akadali okwanira. Kalata yabwino itchule masiku ndi maola amene utsi unafika m'nyumba, makamaka m'miyezi ya mphepo ndi yotentha kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, inene mtunda wochoka padzala kufika panyumba yoyamba, ndipo ikhale ndi chidindo cha amfumu. Kenako ipemphe ngalande, mlonda woletsa phulusa lamoto, anthu awiri okwirira, ndi tsiku loyambira ntchito. Komiti isunge kope lodindidwa ndi ofesi imene yalandira, chifukwa akuluakulu amasamutsidwa ndipo wobwerayo adzafunsa ngati munalembapo kale.