Makina oyamba a telala: gulani mutu wachitsulo, zina zibwera pambuyo

Amene wangomaliza kuphunzira utelala amavutika ndi funso limodzi akafika pogula makina: atenge opukusa ndi dzanja kapena amagetsi? Funsoli lili ndi yankho, koma chofunika kuyamba kuona ndi mutu wa makinawo, chifukwa ndi umene umasoka. Chopukusira, chopalasira ndi mota ndi zongoyendetsa gudumu basi.

Makina akuda achitsulo amene mumawaona m'makonde a masitolo ambiri ndi a mtundu umodzi, wotengera Singer 15. Akale enieni a Singer ambiri ankapangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland, pa fakitale imene inatsekedwa mu 1980, ndipo mpaka lero ena akusokabe. Butterfly wa ku Shanghai anatengera kapangidwe komweko. Ubwino wake ndi wakuti bobini, shatulo, singano ndi lamba zimapezeka mosavuta, ndipo wokonza makina aliyense amawadziwa mkati ndi kunja. Komanso mutu womwewo mungauyendetse m'njira zitatu. Lero mwaikapo chopukusira, mawa mwaukhazika pa tebulo lopalasa ndi mapazi, ndalama zikapezeka mwamangirira kamota pambali pa gudumu.

Tiyerekeze mtsikana amene watsegula malo ake pa tiledingi senta, ndipo mu Seputembala makolo amubweretsera mayunifolomu a sukulu. Ndi makina opukusa, dzanja lamanja limakhala pa chopukusira nthawi yonse. Mukapukusa kamodzi singano imabaya pafupifupi katatu, choncho liwiro silochepa kwenikweni, koma nsalu imatsala ndi dzanja limodzi loiwongolera. Pa msoko wowongoka wa siketi palibe vuto. Pofika pa kolala, pa zipi kapena polumikiza mkono wa malaya, pamafunika manja onse awiri, ndipo apa ndi pamene ntchito imachedwa ndi kukhota. Opukusa ndi abwino kwa wophunzira ndi kwa woyenda nawo m'misika, koma amene akufuna kudyera utelala ayesetse kupeza tebulo lopalasa msanga. Manja amamasuka, ndipo magetsi akathima ntchito siima.

Amagetsi ali pawiri. Pali opepuka a m'nyumba, oyera aja, amene amasoka zigizagi ndi mabowo a mabatani, zinthu zomwe makina akuda sangachite. Koma ambiri mwa iwo ali ndi magiya apulasitiki mkati, ndipo sanapangidwire kusoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Giya ikathyoka, kupeza inzake ndi ntchito. Dzina lotchuka pa makina otere lisakunyengeni. Anyamuleni kaye mumve kulemera kwake. Ngati ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, werengani kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi athu ndi a 230V, pamene makina ochokera ku America amakhala a 110V kapena 120V, ndipo mukangowalumikiza popanda thiransifoma mota imapsa. Kenako pali a m'mafakitale monga Juki DDL-8700, olimba zedi, othamanga kufika misoko 5,500 pa mphindi. Amenewa ndi makina achiwiri a telala, ogula maoda atachuluka ndiponso pamalo pamene magetsi ndi odalirika.

Tsiku logula musapite chimanjamanja. Tengani kachidutswa ka chitenje, mpendero wa jinzi yakale, ulusi wanu ndi singano zatsopano, nambala 14 ya chitenje ndi 16 kapena 18 ya jinzi. Pindani chitenjecho kanayi, musoke, ndipo mutembenuze muone kunsi. Ulusi ukamapanga malupu kunsiko, kawirikawiri ndiye kuti ulusi wam'mwamba walekerera kapena waphonya njira yake, ndipo zimenezo zimakonzedwa pomwepo. Choopsa ndi kudumpha misoko singano ili yatsopano ndiponso yoikidwa bwino, chifukwa nthawi zambiri zimasonyeza kuti nsonga ya shatulo yatha kapena sikukumana ndi singano pa nthawi yake. Gwirani chitsulo chonyamula singano muchigwedeze uku ndi uku. Chikamagwedera, makinawo atha mkati, ngakhale utoto wake ukunyezimira. Gudumu nalo liziyenda mofewa, osalimba pamalo amodzi.

Pa zolimba, ine ndingasankhe Singer wakale amene wapambana mayeso amenewa kuposa makina atsopano otsika mtengo, kenako Butterfly. Dziwaninso kuti zilembo zagolide pa mutu aliyense angathe kumata, kotero khulupirirani msoko umene mwauona ndi maso anu. Mukafika nawo kunyumba, chotsani kambale ka pansi pa singano, musese timaulusi ndi fumbi pakati pa mano okoka nsalu, ndipo mudonthezere mafuta a makina pa shatulo ndi m'mabowo onse. Mafuta ophikira musayerekeze: amauma n'kusanduka phula, ndipo makina abwinobwino amalimba gudumu.