Mlamu akalowa mu bizinesi: ndalama yogulira mbiri ndi ya ndani?

Tiyerekeze kuti anthu awiri apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo ayiyendetsa zaka zisanu ndi zitatu. Amisiri a m'deralo akafuna simenti kapena malata safunsanso njira, miyendo imangowafikitsa pakhomo pa shopuyo. Kampani zopikulitsa katundu zimawapatsa pangongole chifukwa sanathawepo ndi ndalama ya munthu. Tsopano mlamu wawo walandira ndalama zake zopumira pa ntchito ndipo akufuna kulowa nawo. Amuuza kuti abweretse K7,000,000, koma m'buku, pa dzina lake, alembapo K5,000,000 yokha. Mlamu akudabwa: nanga K2,000,000 yapita kuti?

Palibe amene wamubera. Ndalama imeneyo wagulira chinthu chimene sichioneka pa shelefu, chomwe owerengera ndalama amachitcha gudiwilu. Kunena mwachidule, ndi mbiri ya bizinesi: makasitomala okhazikika, malo abwino, ndi kukhulupirika kumene kumachititsa kuti shopu yakale ipeze phindu loposa la shopu yatsopano yokhala ndi katundu wofanana. Mlamu wapeza munda wolimalima, ndipo kuyambira mwezi woyamba adzadya nawo zokolola. Eni munda ayenera kulipidwa pa gawo la zokolola limene akusiya.

Mbiri ilibe mtengo wa pamsika, choncho anthu amachita kugwirizana. Njira yofala ndi kutenga phindu la zaka zingapo zapitazi, kupeza la pakatikati, n'kulichulukitsa ndi zaka zimene agwirizana. Tinene kuti m'zaka zitatu zapitazi shopuyi yakhala ikupeza pakatikati K5,000,000 pa chaka, ndipo agwirizana kuti mbiri yake ndi yofanana ndi phindu la zaka ziwiri. Ndiye kuti mbiri yonse ndi K10,000,000. Mlamu akutenga magawo 20 pa 100 alionse a phindu, motero gawo lake la mbiri ndi K2,000,000. Ndiyo ndalama ija anaifunsa. Yotsalayo, K5,000,000, ndiyo mpamba wake weniweni.

Funso limene limadanitsa anthu ndi lakuti K2,000,000 imeneyi agawane bwanji eni akale. Ambiri amathamangira kunena kuti agawane monga amagawanira phindu nthawi zonse. Apa m'pamene pamagona cholakwa. Mlingo woyenera si wa zimene munthu ankalandira, koma wa zimene wataya polowetsa mnzake.

Pa shopu yathuyi, mkulu ankalandira magawo 60 ndipo mng'ono 40. Atakambirana, agwirizana kuti kuyambira tsopano mkulu azilandira 50, mng'ono 30, mlamu 20. Mkulu watsika kuchoka pa 60 kufika pa 50, wataya 10. Mng'ono watsika kuchoka pa 40 kufika pa 30, nayenso wataya 10. Popeza ataya mofanana, ndalama ya mbiri agawana pakati n'pakati, aliyense K1,000,000. Akanatsata mlingo wakale uja, mkulu akanatenga K1,200,000 ndipo mng'ono K800,000, kutanthauza kuti K200,000 ya mng'ono ikanalowa m'thumba la mkulu popanda wina kuzindikira. Ndipo zikanakhala kuti mkulu yekha ndiye wapereka magawo onse 20, ndalama yonse ikanakhala yake, mng'ono osalandira ngakhale tambala. Mlingo wakale umagwira ntchito pokhapokha eni akale akatsika motsatira mlingo womwewo.

Tsopano tibwere ku mabuku. Aliyense wa eni bizinesi ali ndi akaunti ya mpamba, tsamba losonyeza chuma chimene ali nacho m'bizinesimo. Mlamu asanalowe, tsamba la mkulu linali ndi K12,000,000 ndipo la mng'ono K8,000,000. Tsiku limene K7,000,000 yalowa ku banki, wolemba mabuku atsegule tsamba la mlamu ndi K5,000,000, kenako awonjezere K1,000,000 pa tsamba la mkulu kuti likhale K13,000,000, ndi K1,000,000 pa la mng'ono kuti likhale K9,000,000. Masamba atatuwo akaphatikizidwa akupereka K27,000,000, yomwe ndi mpamba wakale wa K20,000,000 kuwonjezerapo ndalama yonse imene mlamu wabweretsa. Akapanda kufanana chonchi, pali pamene palakwika.

Pali njira inanso yotsimikizira, imene owerengera ndalama ambiri amaikonda. Amayamba agawa mbiri yonse ya K10,000,000 kwa eni akale pa mlingo wakale: mkulu K6,000,000, mng'ono K4,000,000. Kenako amaifufutanso m'mabuku poichotsa kwa onse atatu pa mlingo watsopano: mkulu K5,000,000, mng'ono K3,000,000, mlamu K2,000,000. Mkulu watsala ndi K1,000,000 yoonjezera, mng'ono chimodzimodzi, ndipo K7,000,000 ya mlamu yatsika kufika pa K5,000,000. Njira ziwiri zafika pa yankho limodzi.

Nthawi zina eni bizinesi amafuna kuti mpamba wa aliyense ufanane ndi gawo lake la phindu. Ngati K5,000,000 ya mlamu ikuimira magawo 20, ndiye kuti mpamba wonse uyenera kukhala K25,000,000: mkulu K12,500,000, mng'ono K7,500,000. Pamenepa mkulu wapitirira ndi K500,000 ndipo mng'ono ndi K1,500,000. Angathe kutapa ndalamazo n'kupita nazo kwawo, kapena kuzisiya m'bizinesi ngati ngongole imene shopu idzawabwezere. Ndi ufulu wawo, koma mlamu adziwiretu. Ngati ankayembekezera kuti K7,000,000 yonse ipita kukapikula malata, adzakhumudwa kuona kuti K2,000,000 yatuluka sabata yomweyo.

Zonsezi zimayenda bwino ngati mpamba wakale uja ndi woona. Mlamu asanasaine, katundu awerengedwe ndi kupatsidwa mtengo wa lero. Matumba a simenti amene anauma ndi chinyezi, penti yotha ntchito, ndi ngongole za makontalakitala amene anasowa kalekale, zonsezi zichotsedwe, ndipo kutayika kwake kugwere eni akale pa mlingo wawo wakale wa 60 ndi 40. Chimodzimodzinso ngati nyumba ya shopu yakwera mtengo, phindu limenelo ndi lawo, chifukwa linabadwa mlamu asanafike.

Mlamu afunsenso kuti mbiriyo yakhazikika pa chiyani. Ngati makasitomala amabwera chifukwa cha mkulu yekha, amene akuganiza zopuma chaka chamawa, kapena ngati phindu la zaka zitatu lija linatupa chifukwa cha oda imodzi yaikulu imene sidzabweranso, ndiye kuti K10,000,000 ndi mtengo wokwezeka. Ndalama ya mbiri ikangolowa pa masamba a anzake, si yakenso. Bizinesi ikayamba kulowa pansi adzasenza nawo magawo 20 a kutayikako, paja walira mvula walira matope.

Chibale ndi fupa, sichiola, koma chikumbumtima cha anthu pa nkhani ya ndalama chimasintha. Choncho lembani pangano, nonse musaine, ndipo muikemo mtengo wa mbiri ndi momwe mwaupezera, magawo akale ndi atsopano, amene walandira ndalama ya mbiri ndi kuchuluka kwake, komanso ngati ndalamayo itsale m'bizinesi kapena ituluke. Musalandire ndalama ya mlamu pepala limeneli lisanalembedwe.