Ngongole yatsala zingati? Sitetimenti yonse ndiyo imathetsa mkangano

Anthu ambiri amene ali ndi ngongole ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama amakhutira ndi funso limodzi: "Yatsala zingati?" Kalaliki amayang'ana pa kompyuta n'kutchula nambala. Koma nambala yokhayo sinena kuti yafika pamenepo bwanji. Choyenera kupempha ndi sitetimenti yonse, kuyambira tsiku limene ndalama zinatuluka mpaka lero, pamodzi ndi mndandanda wa ndalama zonse zimene munthu wabweza. Kasitetimenti ka pa makina otengera ndalama kapena ka pafoni sikathandiza pa ntchito imeneyi, chifukwa kamangoonetsa mizere ingapo yomaliza.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene anabwereka K500,000, n'kugwirizana kuti azibweza K55,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Pamodzi ndi chiwongoladzanja, zonse ndi K660,000. Kuyambira Januwale mpaka Ogasiti walipira kasanu n'katatu, zomwe ndi K440,000, ndipo m'kope mwake mwalembedwa kuti yatsala K220,000. Atafika ku ofesi, akumuuza kuti yatsala K291,500. K71,500 yapamwambayo yachokera kuti?

Kukangana pa kauntala sikungayankhe funsoli. Mayiyu alembe kalata yaifupi yokhala ndi dzina lake, nambala ya ngongole ndi masiku amene akufuna kuti sitetimenti iyambire ndi kuthera. Apemphenso kuti pa ndalama iliyonse imene analipira aonetse gawo lopita ku ngongole yeniyeni, ku chiwongoladzanja, ku chindapusa ndi ku inshuwaransi. Makalatawo akhale awiri, ina aidinde chidindo cha ofesi n'kubwerera nayo kunyumba. Mabanki ena amalipiritsa posindikiza sitetimenti, choncho ndi bwino kufunsiratu mtengo.

Pepalalo likabwera, ntchito ndi ya patebulo. Mbali imodzi sitetimenti, mbali inayo malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi chikalata cha mgwirizano. Poyambira ndi mzere woyamba: kodi ndalama yolembedwapo ikufanana ndi ya m'chikalatacho? Kenako lisiti iliyonse ipezeredwe mzere wake, ndipo zikagwirizana, chonga uku ndi uku. Chodalirika pofananitsa ndi nambala ya lisiti kapena ya mu uthenga wa pafoni. Tsiku lokha limasocheretsa, poti ndalama yolipira Lachisanu madzulo ikhoza kuoneka Lolemba.

Mayi uja akamaliza, lisiti imodzi ikutsala yopanda mnzake: K55,000 ya mu Juni. Poiyang'anitsitsa, akuona kuti manambala awiri a akaunti anasinthana malo polemba. Ndalama yotere nthawi zambiri imakakhala ku akaunti yosungirako ndalama zosadziwika mwini wake, kudikira kuti wina aifunse.

Pa sitetimenti pakutsalanso mizere itatu yopanda lisiti, uliwonse K5,500, ya chindapusa chochedwa kulipira. Apa ndi pamene ambiri amadabwa, chifukwa mwezi wosowa ndi umodzi wokha. Chimachitika n'chakuti ndalama ya Julayi inakatseka dzenje la Juni, ya Ogasiti n'kukatseka la Julayi. Ku kompyuta mayiyu amaoneka wotsalira mwezi umodzi nthawi zonse, ndipo chindapusa chimagwa mwezi ndi mwezi. K5,500 katatu ndi K16,500. Kuphatikiza K55,000 ija, ikukwana ndendende K71,500.

Choncho pempho lake likhale pawiri: ndalama ya Juni ilowetsedwe pa tsiku limene analipiradi, osati tsiku limene yapezeka, ndipo zindapusa zobadwa chifukwa cha kusowa kwake zifafanizidwe. Akangoilowetsa pa tsiku la lero, K16,500 ikhalabe pamutu pake.

Kwa amene amadulidwa pa malipiro, umboni ndi mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi. Pepalalo limasonyeza kuti abwana anadula, koma silitsimikiza kuti ndalamayo inafika kwa wobwereketsa pa nthawi yake. Sitetimenti ndiyo imaonetsa tsiku limene inalowa. Malisiti a pamakina nawonso amafufutika pakapita miyezi, ndiye kuwajambula pafoni tsiku lomwelo kumathandiza.

Madandaulo amayambira ku bungwe lomwelo, polemba kalata yotchula mzere uliwonse wolakwika ndi kuphatikapo makope a malisiti, enieniwo n'kusunga. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Reserve Bank of Malawi, kumene gavanala ndiyenso woyang'anira mabungwe a zachuma malinga ndi lamulo la mu 2010. Mayi uja afunsenso ngati mbiri yoti amachedwa kulipira inatumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, chifukwa ikapanda kukonzedwa kumeneko, akhoza kudzakanidwa ngongole kwina. Zonse zikakonzedwa, apemphe sitetimenti yatsopano, ndipo mzere wake womaliza uwerenge K220,000.