Foni ndi kompyuta zikasiyana matambala, musathamangire kunena kuti mwaberedwa

Amalonda ambiri tsopano mumalemba zogulitsa pa foni, kenako zolembazo zimapita zokha pa kompyuta. Tsiku lina mupeza foni ikuti K9,999.96 pomwe kompyuta ikuti K10,000. Musanakalipire wogulitsa wanu, onani kumene 4 tambalayo yapita.

Tinene kuti mwaoda katoni ya sopo 12 pa K10,000. Mukagawa, sopo mmodzi ndi K833.333, ndipo ma 3 amenewa satha. Pulogalamu ya pa foni ikafupikitsa mtengowu kukhala K833.33 n'kuwonkhetsa sopo onse 12, imapeza K9,999.96. Kompyuta ikayamba yawonkhetsa n'kufupikitsa pomaliza, imapeza K10,000.

Chifukwa china chili m'makinamo. Kompyuta imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, ndipo mwa njira imeneyi 0.1 sakwanira ndendende, monga 10 sagawika bwino patatu. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri mukawapatsa `0.1 + 0.2` amayankha `0.30000000000000004`. Kotsalirako n'kochepetsetsa, koma nambala ikakhala pamalire, kangachititse kuti makina awiri asiyane ndi tambala imodzi.

Nanga mungadziwe bwanji? Kufupikitsa sikusuntha mtengo wa chinthu chimodzi kuposa theka la tambala. Pa zinthu 100, kusiyana sikungapose 50 tambala. Mukaona K500 ikusowa, vuto lili pena: mwina malonda ena alembedwa kawiri kapena sanafike pa kompyuta netiweki itavuta.

Kuti mupewe mkangano, ikani mitengo ya makwacha athunthu, monga K850, ndipo mtengo woodera muzilemba wa katoni yonse.